Musadzandiuzenso kuti Chitumbuka ndi Chichewa chongopindika

Anzanga a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Kaporo, ndabweranso. Uthengawu ndi wautali, ndiye ngati bandulo yatsala pang'ono usungeni, muwerenge usiku mukudikira mwezi kuti ulowe.

Chandilembetsa ndi mawu amene mnzathu wina anayankhula pa doko sabata yatha. Kunabwera anthu a bungwe lina kudzaphunzitsa za majekete oyandamitsa munthu m'madzi, ndipo anati ulendo wawo upitirira mpaka ku Chiweta ndi ku Chilumba. Wina atawafunsa kuti kumeneko akawamasulira ndani, mnzathuyo analumphira: "Aaa, Chitumbuka n'chophweka. Ndi Chichewa chomwechi, ungothiramo *gha* ndi *zga*, basi watha." Anthu anaseka. A bungwe aja nawo anaseka, wina n'kulemba nambala yake. Ine sindinaseke, chifukwa maganizo amenewo anatsala pang'ono kutiphera mwana wa eni ake pa boti la bambo anga, ine ndikuona ndi maso angawa.

Ndiyambe ndi nkhaniyo, zotsutsana zibwere pambuyo.

Chaka china usipa utavuta kwathu kuno, bambo anasamutsa chilimira n'kupita nacho kumpoto, cha ku Chilumba. Ine ndinali nditangolemba Fomu 4, ndiye ananditenga kuti ndizikawerengera ndalama ndi mafuta. Alovi awiri anatithawa titangofika, mukudziwa mmene zimakhalira, wina akakulonjeza gawo lokulirapo umasamuka usiku womwewo. Tsiku lotsatira panafika mnyamata wina wochokera kumtunda, dera la Mzimba, wamphamvu zake, akufuna ganyu. Bambo anali atakhalako kumpoto kangapo, ndipo ankadzitama kuti Chitumbuka amachimva. Anamupatsa moni bwinobwino, "Monire," kenaka n'kufunsa funso limene mwini boti aliyense amafunsa mlendo. Analifunsa m'Chitumbuka chawo chotolatola chija:

"Kasi uli kusambirapo iwe?"

Mnyamata uja anayankha mosakayika. "Enya adada, nili kusambira. Vyaka eyiti."

Bambo ananditembenukira, nkhope ili ngwee. "Wamva? Zaka eyiti akusambira. Uyu ndi wathu." Anafunsanso kuti anasambira kuti, iye n'kuti "kukaya," kutanthauza kumudzi kwawo. Palibe anafunsa kuti kumudziko kuli madzi otani.

Usiku wachitatu anamuika m'bwato la nyali, kuti azithandiza siginala. Unali mwezi wa Julaye, ndipo mwera simuuzidwa. Unayamba ngati nthabwala, kenaka funde limodzi linamenya bwato cham'mbali n'kuligadabuza. Kwa mwana wa kunyanja imeneyo si ngozi yoti n'kuimbira foni kumudzi. Umagwira bwato, umapuma, anzako amabwera. Siginala anatero. Mnyamata uja sanagwire bwato. Anamenya madzi ndi manja kawiri katatu, n'kulowa pansi ngati mwala wa nangula. Amalume ndi amene anadumpha pa boti n'kumupeza ndi phazi mumdima, n'kumukoka ndi malaya. Anasanza madzi mpaka kugombe.

Kutacha bambo anamukalipira kuti wabodza, unkafuna kutipalamulitsa mlandu. Iye akunjenjemerabe anangoti: "Mukanifumba vya sukulu, adada." Ndiye kuti, munandifunsa za sukulu, bambo.

M'Chitumbuka *kusambira* ndi kuphunzira. Mphunzitsi ndi *msambizgi*, maphunziro ndi *masambiro*. Mnyamata uja anabwera kudzafuna ntchito, bwana n'kumufunsa ngati anaphunzirapo, iye n'kunena zoona zake, kuti anafika Sitandade 8. Mawu oti kuyenda pamadzi ndi manja ndi miyendo, amene tinawaphunzira m'mawa womwewo kwa asodzi a kumeneko, ndi *kuskamba*. Palibe ananama pamenepo. Aliyense anachoka pa zokambiranazo ali wokhutira kuti wamvana ndi mnzake, ndipo vuto lonse lagona pomwepo.

Taonani bwino. Bambo akanafunsa m'Chichewa chokhachokha kuti "Umatha kusambira?", mwina mnyamatayo akanaima kaye, chifukwa Chichewa anachiphunzirako ku sukulu, akanatsegula khutu la Chichewa. Koma iwo anayamba ndi *monire* ndi *kasi*, ndiye iye anatsegula khutu la Chitumbuka. Chitumbuka cha theka chija ndi chimene chinamuponya m'madzi. Ndiye mnzathu amene akufuna kukamasulira za majekete ku Chiweta ndi *gha* ndi *zga* wakeyo, chiganizo choyamba chimene adzafune kunena n'choti "ngakhale odziwa kusambira azivala jekete." Akadzasiya *kusambira* momwemo, agogo a kumeneko adzamva kuti ngakhale ophunzira azivala jekete. Adzagwedeza mutu mwaulemu, a bungwe adzajambula zithunzi, lipoti lidzalembedwa kuti uthenga wafika.

Mawu osiyana kotheratu sandiopsa ine. Mtumbuka akati *kuyowoya*, iwe sukudziwa kuti ndi kuyankhula, umaima n'kufunsa. Akati *ndopa* m'malo mwa magazi, *skaŵa* m'malo mwa mtedza, *ntchunga* m'malo mwa nyemba, umadziwa kuti pano sindinamve. Kusamva kotere kuli ndi mankhwala, ndiko kufunsa. Oopsa ndi mawu amene amabwera atavala malaya a kwanu. Khutu limawalandira ngati abale, osawafunsa n'komwe kumene achokera.

Mkulu wa onsewo ndi *kukoma*. Kwa ife ndiwo zimakoma, nyimbo imakoma, munthu amakoma mtima. M'Chitumbuka *kukoma* ndi kupha. Kupha kwenikweni, kwa mpeni kapena poizoni. Chakudya chikamveka bwino mkamwa iwo amati *chikunowa*.

Msuweni wanga wina anakwatiwa ku Rumphi. Masiku oyamba apongozi ake anamuphikira nkhuku, iye pofuna kusangalatsa anasakaniza zimene anali atatolako: ndiwo ndi *dende*, kwambiri ndi *chomene*. N'kunena mokweza, "Amama, dende ili likukoma chomene!" M'nyumba munangoti zii. Kenaka apongoziwo anafunsa, "Lakoma njani?", ndiye kuti zapha ndani. Anaseka onse mpaka misozi, ndipo mpaka lero amamunena nazo. Zinathera kuseka chifukwa banjalo ndi lomasuka ndipo Chichewa amachidziwa. Koma ganizirani mawu omwewo m'banja limene muli kale kukayikirana, mwana atangomwalira kumene, anthu akunong'onezana za ufiti, mtengwa n'kuuza apongozi pamaso pa anthu kuti ndiwo zawo zikupha.

Kapena pa maliro. Wa kuno waimirira kuyankhula m'malo mwa asodzi anzake a malemu, akuti "malemuwa anali munthu wokoma mtima," womasulira wa *gha* ndi *zga* n'kutembenuza kuti *wakaŵa munthu wakukoma*. Wauza anamfedwa kuti m'bale wawo anali wakupha. Wodziwa ntchito akanati *wakaŵa wa lusungu*, wachifundo, kapena *wamtima uwemi*.

Ndipo msampha umenewu umagwira mbali zonse ziwiri. Pa botolo kapena pa chikwangwani pakalembedwa kuti *munkhwala uwu ukukoma*, ndi chenjezo, mankhwalawa amapha. Mwana wa msodzi wochokera ku Salima amene wangofika ndi makolo ake kumpoto awerenga kuti chiyani? Winanso akathamangira pa doko akufuula kuti *ŵamukoma*, khutu la Chichewa limathamangira ku "wakomoka," n'kuyamba kufuna madzi oti amuthire kumaso, chonsecho akunena kuti munthu amupha.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe, chifukwa mwandiyankhapo kale. Mukuti, "Aise, ukukokomeza. Atumbuka onse amamva Chichewa. Ukalakwitsa amadziwa zimene umafuna kunena."

Poyamba, si onse. Pitani kumidzi ya kumtunda kwa Rumphi kapena mkati mwa Mzimba mukayankhule ndi agogo ndi ana amene sanayambe sukulu, mukaone ngati ndi onse. Ndipo amene uthenga wa chipatala ndi wa ngozi umawafuna kwambiri ndi omwewo, agogo olera zidzukulu ndi amayi amene sukulu anaisiyira panjira. Chachiwiri, taimvetseni bwino mfundo yanuyo. Mukunena kuti ntchito yokonza zolakwa zathu ndi ya womvera. Iye amve Chichewa chathu, amvenso Chitumbuka chathu chophotchoka, aganizire chimene timafuna kunena, atikhululukire, kenaka atithokoze kuti tayesetsa. Ife tangokhala. Katundu yense ali pamutu pa munthu mmodzi, wina akuyenda manja m'thumba n'kumati ulendowu ndi wopepuka.

Kupendekeka kumeneku kuli ndi mbiri yake, sikunagwe kumwamba. Kale Chitumbuka chinkaphunzitsidwa m'sukulu za kumpoto, makamaka za mishoni ya Livingstonia, ndipo chinkamveka pa wailesi. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha dziko, pambali pa Chingerezi. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Chinadzabwereranso pa MBC mu 1994, ulamuliro utasintha. Zaka 26 zimenezo mwana wa ku Mzimba ankayenera kudziwa Chichewa kuti akhoze mayeso, pamene mwana wa ku Dedza kapena ku Mangochi akanatha kufika ku yunivesite osamvapo chiganizo chimodzi cha Chitumbuka. Mpaka lero Chichewa ndi phunziro m'sukulu za dziko lonse. Ndiye tikamati "amatimva," tisamanene ngati ndi umboni woti ziyankhulozi ndi chimodzi. Amatimva chifukwa anakhala pansi n'kuphunzira. Ife sitinaphunzire, tikungoyerekeza.

Apa ndisamveke molakwa. Sindikulemba kuti tiyambe zija za "ife" ndi "iwo" zimene andale amazikonda chisankho chikayandikira. Pa nyanja tonse timanyowa mofanana, ndipo chilimira sichifunsa mtundu wa amene akuchikoka. Mawu oti alovi amene timatchula tsiku ndi tsikuwa, pitani kumpoto mukamve, msodzi kumeneko ndi *mulovi*. Ziyankhulozi ndi zapachibale ndithu, mawu ambiri ndi amodzi: mutu, mtima, nyanja, nyumba, kugona, kulima. Chibale chomwecho ndi chimene chimatigonetsa tulo. Mawu asanu ndi anayi akafanana, lakhumi sulifufuzanso.

Tsono pali gulu lina la mawu lovuta kuposa *kukoma*, chifukwa *kukoma* ukangouzidwa kamodzi suiwalanso. Awa ndi mawu amene matanthauzo ake amakumana pang'ono n'kusiyana pang'ono. Chitsanzo chathu asodzi ndi *nyengo*. Kwa ife nyengo ndi dzinja, chilimwe, kapena mmene kunja kwachera, mphepo ndi mitambo. N'chifukwa chake timati a zanyengo achenjeza za mwera. M'Chitumbuka *nyengo* imagwiranso pa dzinja ndi chilimwe, koma ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi imene ife timaipatsa mawu oti nthawi. Munthu akakufunsa kuti *nyengo yili uli?* akufuna uyang'ane pa wotchi. Ine tsiku loyamba kufunsidwa choncho ndinayang'ana kumwamba n'kuyankha kuti kukuoneka kuti kuchita mphepo. Mkulu uja anandiyang'ana ngati ndalawa kachasu m'mawa.

Zosekesa, eti? Tsono tengani uthenga uwu, woti mwini boti watumiza kwa alovi ake madzulo: "Nyengo yasintha, tisalowe." Wa kuno wamva kuti kunja kwaipa, lero kulibe ulendo. Womasulira waulesi angosiya *nyengo yasintha* momwemo poti mawu onse awiri aliko ku Chitumbuka. Mlovi wa ku Mlowe akhoza kumva kuti nthawi yonyamukira yasinthidwa, n'kumadikira kuti auzidwe nthawi yatsopano, kapena n'kukwera boti la wina limene likunyamuka. Chiganizocho sichinalakwe galamala, ndipo palibe angakuseke nacho. Changonena china. Wodziwa ntchito sangalimbane ndi mawu oti nyengo, amatchula chinthucho ndi dzina lake: *mphepo*, *mwera*, *majigha*, amene ndi mafunde. Mwera ukubwera, mafunde ndi aakulu, osapita pa nyanja. Pamenepo palibe woyang'ana pa wotchi.

Masiku nawo ali ndi msampha wawo. *Zuŵa* ndi dzuwa, komanso ndi tsiku. Nesi akati mankhwala awa mumwe *mazuŵa ghatatu*, akunena masiku atatu. Liwu lina la tsiku ndi *dazi*, limene kwa ife ndi mutu wopanda tsitsi. Limenelo silingaphe munthu, koma linandisokoneza sabata yathunthu, ndikudabwa kuti anthu a kuno bwanji amakonda kukamba za dazi chonsecho tsitsi ali nalo.

Kumene ndimaopa kwambiri ndi ku bwalo la milandu, ku polisi ndi ku chipatala, chifukwa kumeneko mawu amalembedwa, ndipo cholembedwa chimayenda chokha mwini wake atapita. Tengani liwu loti *mfumu*. Mayi wa Chitumbuka akati *mfumu wane* akunena mwamuna wake wa m'nyumba. Mwaulemu amati *afumu ŵane*, zimene khutu lathu limamva ngati "amfumu." Mfumu ya mudzi ndi *fumu*, ndipo amati *fumu yithu*, mfumu yathu. Kusiyana kuli pa ka *m* kamodzi koyambirira ndi pa mawu otsatirawo, *wane* kapena *yane*. Ndiye mayi wafika pa ofesi nkhope yotupa, akuti *afumu ŵane ŵakunitimba*, amuna anga amandimenya. Wolemba ndi wa kuno, watumizidwa kumpoto mwezi watha, wafunsa kuti *kutimba* n'chiyani, amuuza kuti kumenya, mawu enawo sanafunse poti "wawamva." Walemba kuti mayiyu akumenyedwa ndi amfumu. Nyakwawa yosalakwa yalowa m'buku, womenya uja ali phee kunyumba akudikira nsima.

Mlandu wa banja womwewo ulinso ndi *kutola*. Mwamuna wa Chitumbuka akati *nkhamutola*, akunena kuti ndinamukwatira, mwa dongosolo lake, akuluakulu akudziwa. Kwa ife kutola ndi kwa chinthu chimene wachipeza panjira. "Ndinamutola" m'Chichewa ndi chipongwe, ndi mawu a mwamuna wonyoza mkazi. Womasulira akangowasiya momwemo, munthu amene amanena kuti uyu ndi mkazi wanga wa ukwati wamveka ngati akuti ndinangomutola pa msewu. Oweruza ayamba kale kumuona ndi diso lina.

Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 42, amati munthu womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, ndipo pozengedwa mlandu, ngati chiyankhulo cha bwalo sachimva, amasuliridwe ndi ndalama za boma. Ufulu umenewo ulipo pa pepala. Koma ngati womasulirayo ndi wa *gha* ndi *zga*, ufuluwo wasanduka chiphaso chongosonyeza kuti mwambo unachitika. Kuli bwino kusowa womasulira, aliyense n'kudziwa kuti sitikumvana, kusiyana ndi kukhala naye wolakwitsa molimba mtima.

Ndionjezepo kamodzi kamene si liwu limodzi kwenikweni, koma kamayenda ndi mawu amenewa, ndipo kanali m'kati mwa yankho la mnyamata uja. *Nili kusambira* sikutanthauza kuti ndikuchita panopa ayi, ndi chinthu chimene chinachitika kale, ndinaphunzira. Ndiye mukalandira foni yoti *adada ŵali kufwa*, musathamange kukabwereka ndalama ya mafuta a galimoto yopita nawo ku chipatala poganiza kuti "ali kufa." Anamwalira kale, konzekerani za bokosi. Komanso "ayi" wawo amakonda kukhala kumapeto kwa chiganizo, *yayi* kapena *chara*. *Kumwa yayi* ndiye kuti osamwa. Uthenga wa mawu ukaduka kumapeto chifukwa cha netiweki, kapena chikwangwani chikang'ambika kumunsi, chotsalacho chikukuuza kuti umwe. Ife "osa-" wathu ndi "si-" wathu timayamba naye, ndiye sitinazolowere kudikira mpaka chiganizo chithe.

Za mayina ndingodutsapo, ngakhale zimandiwawa. Tonse tinaphunzira ndi a Temwa ndi a Chindikani, ndipo tonse tikudziwa zimene tinkawachita. *Kutemwa* ndi kukonda, sikukhudzana ndi chikwanje. *Kuchindika* ndi kulemekeza, ndipo m'tchalitchi kumpoto ndi liwu lolemera, loimbira Mulungu. Ife tinkamva liwu lina lija losatchulika pagulu, n'kumagwa nako kuseka. Mnzathu wina anafika posintha dzina ali Fomu 1, n'kumadzitchula la Chingerezi, kuti apume. Makolo ake anamupatsa dzina loti lemekezani, ife n'kumuvula ndi umbuli wathu, tikudziona ngati ochenjera.

Ndiye tichite chiyani? Sindikunena kuti aliyense asayese kuyankhula Chitumbuka mpaka atachidziwa chonse. Yesani ndithu, pa msika, pa bawo, pofunsira mbeta, mulakwitse, akusekeni, muphunzire. Msuweni wanga uja lero amachiyankhula ngati wobadwira komweko, ndipo anayambira pa ndiwo zakupha zija. Chimene ndikukana ndi kutenga munthu wa msinkhu umenewo n'kumuimika pakati pa nesi ndi wodwala, pakati pa wapolisi ndi wodandaula, kapena kumupatsa chikwangwani cha chenjezo kuti alembe. Mabungwe amalipira galimoto, mafuta, malo ogona, zakumwa za pa msonkhano, ngakhale wojambula zithunzi. Ikafika nkhani ya womasulira amayang'ana uku ndi uku n'kuti "alipo amene amamvako Chitumbuka pano?" Anthu amene Chitumbuka anayamwira ndipo Chichewa anachiphunzira bwino ali mbwee, aphunzitsi opuma, achinyamata omaliza sukulu amene akungokhala ku Mzuzu ndi ku Rumphi. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi, imene ntchito yake ndi ziyankhulo zathu zomwezi. Anthu odziwa alipo, chimene chikusowa ndi mtima wofuna kuwalipira.

Ndipo njira yoyesera ngati kumasulira kwayenda ndi yotchipa kuposa botolo la mafuta a injini. Wina amasulire uthengawo kupita m'Chitumbuka. Kenaka mutenge pepalalo, mupite nalo kwa munthu wina amene sanaone la Chichewa lija, makamaka wachikulire wa kumudzi amene Chichewa sachidziwa kwenikweni, mumuwerengere. Musamufunse kuti "mwamva?" chifukwa adzati *enya* mwaulemu, ngati mmene mnyamata uja anayankhira bambo anga. Mufunseni kuti, malinga ndi zimene mwamvazi, mawa muchita chiyani? Ndani avale jekete? Mankhwalawa mumwa kangati, masiku angati? Akayankha kuti jekete ndi la ophunzira, mwaugwira msampha usanagwire munthu. Wophunzira wa m'tauni sayenera pa mayeso amenewa, chifukwa iye amadziwa ziyankhulo zonse ziwiri, ndiye akaona *kusambira* pamalo polakwika mutu wake umakonza wokha osamuuza. Amene mukufuna ndi munthu amene alibe Chichewa choti chimupulumutse.

Chizindikiro china n'chosavuta. Mukaona chomasulira chimene mawu ake akungotsatana ndi a Chichewa limodzi ndi limodzi, kusiyana kuli pa zilembo zokha, *madzi* asanduka *maji*, *nsomba* yasanduka *somba*, *mvula* yasanduka *vula*, china chilichonse chili pamalo pake, muchikayikire. Mawu atatu amenewo ndi olondola, koma Chitumbuka chenicheni sichiyenda phazi ndi phazi ndi Chichewa kwa ndime yathunthu. Penapake payenera kutuluka *kupulika* pamene ife tikuti kumva, *makani* pamene tikuti nkhani, *khuni* pamene tikuti mtengo. Inde, *makani* kumeneko ndi nkhani, si mwano wa mwana wosamva, ndipo *mwapulika?* sakufunsa ngati mwaphulika. Zikasowa zotere, dziwani kuti wolembayo anangochiveka Chichewa chipewa cha kumpoto.

Kwa iwe mnzanga wa *gha* ndi *zga*, ndikudziwa uwerenga, ndipo ndikudziwa ganyuyo ukuifuna, zinthu zavuta kwa tonse. Sindikukuchitira nsanje. Pita nawo, ukanyamule majekete, ukaonetse kamangidwe kake, umadziwa nyanja kuposa onse a mu ofesi aja. Koma pa kuyankhula, ukawauze apeze mwana wa konko, ndipo amulipire. Ukakakamira, ndiyankhe kaye mafunso atatu awa pa gulu pompano, osafunsa munthu: *ngoma* n'chiyani, *kunjira* n'kutani, ndipo munthu akati *nili makora* ali ndi ziweto zingati? Ukalephera limodzi, nambala ija ukaifufutitse.

Mnyamata wa ku Mzimba uja sanachoke. Anakhala nafe miyezi inayi, amalume anamuphunzitsa pa madzi ofika m'chiuno m'mawa uliwonse tikamaliza kuyanika usipa, ndipo pochoka ankatha kuzungulira boti kawiri osagwira. Iye anandiphunzitsa mawu ambiri amene ndalemba panowa, ena ndinawalemba kuseri kwa buku la mafuta limene ndikadali nalo. Bambo kuyambira chaka chimenecho safunsanso mlendo funso lija m'chiyankhulo chilichonse. Amatenga nkhafi, n'kuiponya patali pamene phazi silifika pansi, n'kumuuza kuti akaitenge.